Linki imene inkatseguka kwa ine ndekha

Tili asanu ndi mmodzi pagulu lathu lophunzira zakompyuta kuno ku Mulanje. Ena amachokera ku Chitakale, wina ku Likhubula, winanso ku Muloza, moti kukumana kumavuta ndipo zambiri timangotumizirana pa WhatsApp. Sabata yatha linali gawo langa kulemba manotsi a gulu lonse. Ndinawalemba usiku, ndinawasunga ngati PDF, kenako ndinadina fayiloyo kawiri ndipo inatseguka mu Chrome. Pamwamba, pamene pamakhala adiresi, panaoneka izi:

```
file:///C:/Users/Admin/Desktop/manotsi%20a%20gulu.pdf
```

Ndinakopa mzerewo n'kutumiza pagulu, mtima uli m'malo.

M'mawa mauthenga anali atadzaza. Amene ali ndi foni ankati mzerewo sukudinika n'komwe, ungokhala ngati mawu wamba. Achimwene ena a ku Muloza, amene ali ndi laputopu, anaumata mu Chrome n'kunditumizira chithunzi: tsamba loyera, pansi pake palembedwa `ERR_FILE_NOT_FOUND`. Ine ndinayesanso kwanga, inatseguka bwinobwino. Ndinawauza kuti mwina ndi netiweki, iwo n'kukagula bandulo ina. Zimenezo zikundipwetekabe, chifukwa ndalama yawo inapita pachabe kaamba ka mawu anga.

Aphunzitsi athu atauona mzerewo sanachedwe. "Tawerengani mawu oyambawo, akuti chiyani?" Ndinati `file`. "Nanga adiresi ya tsamba la pa intaneti imayamba bwanji?" Apa m'pamene maso anga anatseguka.

Adiresi yoyamba ndi `https://` imatsatiridwa ndi dzina la seva, kompyuta ina yake imene imakhala yoyaka, yolumikizidwa ku intaneti, kudikira kuti aliyense aipemphe fayilo. Koma `file` imauza bulawuza kuti isapite kulikonse, ingofufuza m'makina omwe ikugwiriramo ntchitowo. Ndipo timizere titatu topendekerato tili ndi tanthauzo. Tiwiri toyamba timasonyeza kuti dzina la kompyuta likubwera, kachitatu ndi poyambira njira ya fayilo. Pakati pa kachiwiri ndi kachitatu palibe chilichonse. Malo a dzina ali opanda kanthu, ndipo bulawuza ikaona choncho imamva kuti "kompyuta ino". Kwa ine kompyuta ino ndi yanga, kwa achimwene aja ndi yawo.

Zili ngati kuuza mlendo kuti ndimakhala nyumba yachitatu kuchokera pa mjigo, osatchula mudzi. Iye adzawerenga nyumba kuyambira pa mjigo wa kwawo. Laputopu ya achimwene aja inachitadi zimenezo mokhulupirika: inalowa mu `C:`, inalowa mu `Users`, inafunafuna foda ya `Admin`, ndipo posapeza fayilo ya manotsi ija inanena zoona kuti palibe. Netiweki sinakhudzidwe ngakhale pang'ono. Foni ya Android ndiye ilibe `C:` n'komwe, chilembo chimenecho n'cha Windows. Kaja ka `%20` sikanali vuto ayi, kamangoimira mpata umene ndinasiya pakati pa mawu potchula fayilo.

Chimene chinandisokeretsa kwambiri ndi mmene ndinayesera. Kuyesa linki yotere pa kompyuta imene muli fayiloyo sikutsimikizira kanthu, itseguka basi, ngakhale mutatsegula zenera la Incognito. Mayeso oona ndi awiri. Ndikazimitsa Wi-Fi ndi deta, koma linki n'kumatsegukabe pa laputopu yanga, ndiye kuti ikuloza m'kati mwanga momwemu. Apo ayi, ndidzitumizire pa foni n'kuidina kumeneko. Aphunzitsi anawonjezera kuti adiresi zokhala ndi `localhost` kapena `127.0.0.1` zili ndi khalidwe lomweli ngakhale ziyambe ndi `http://`, chifukwa nazonso zimatanthauza makina a amene wadinayo.

Kukonza kwake kunanditengera mphindi zosakwana zisanu. Fayiloyo inali yaing'ono, choncho ndinaitumiza yeniyeniyo pa WhatsApp posankha `Document`, aliyense n'kukhala ndi kope lake. Popeza manotsiwa tizidzawasinthasintha, ndinaikwezanso pa Google Drive. Kumenekonso kuli pokhumudwira: fayilo yatsopano imayamba ili pa `Restricted`, ndipo mnzanu akadina amauzidwa kuti apemphe chilolezo. Ndinadina `Share`, ndinasintha kukhala `Anyone with the link`, ndinasiya pa `Viewer` kuti wina asafufute mwangozi. Pa linki ya mtundu uwu Incognito imathandiza, chifukwa pazenera limenelo simunalowe mu akaunti yanu, ndiye mumaona zimene mnzanu adzaone.

Ndinaitumiza kaye kwa achimwene a ku Muloza okha. Patapita kanthawi anayankha ndi chithunzi cha tsamba loyamba la manotsiwo, ndipo m'pamene ndinaiponya pagulu.