Madzi amakonda njira yachidule

Kwa milungu itatu tsopano ndakhala ndikuphunzira kupanga khofi wosefa, uja timathira madzi pang'onopang'ono pa ufa uli m'pepala, m'kafanelo ka V60. Muyeso wanga sunasinthe: magalamu 15 a khofi wa ku Misuku ndi magalamu 250 a madzi, omwe ndimawasiya kamphindi akawira kuti atsike kufika pa madigiri 93 kapena 94. Koma kapu imatuluka yowawasa ndi yowawa nthawi imodzi, ndipo zimandisowetsa mtendere.

Choyamba chimene ndinamvetsa ndi kunyowetsa ufa. Pokazinga, njere za khofi zimasunga mpweya wa kaboni dayokisaidi, ndipo madzi otentha akakhudza ufa, mpweyawo umathawa, ufa nkufufuma ngati mtanda wa mandazi. Mpweya ukamatuluka, madzi salowa bwino m'timibulu ta ufa. Choncho ndimayamba ndi magalamu 40 okha a madzi, ndikugwedeza kafanelo mozungulira kuti pasatsale pouma, kenako ndimadikira masekondi 40. Khofi amene wakhalitsa safufuma kwenikweni, chifukwa mpweya wake unatha kale.

Madzi otsalawo ndimawathira katatu: sikelo yoyezera madziwo ifike pa magalamu 110, kenako 180, pomaliza 250. Ndimayambira pakati, kuzungulira chotulukira kunja, osathira pa pepala penipeni, chifukwa madzi a pamenepo amatsetsereka m'mbali osadutsa mu ufa. Zonse zimatha pafupifupi pa mphindi 3.

Vuto langa ndinaliona tsiku limene ndinayang'anitsitsa ufa madzi atatsika. Mbali imodzi unali utaunjikana kukwera pepala, mbali inayo panali kadzenje. Ndinakumbukira munda wa pamtsetse mvula ikagwa: madzi salowa mofanana paliponse, amapeza pofooka, amakumba ngalande, ndipo ena onse amatsata momwemo. Mu kafanelo ndi chimodzimodzi. Pamene ufa wachepa madzi amadutsa ambiri, amatsuka ufa wa pamenepo mopitirira mpaka kutulutsa kuwawa. Pamene ufa wachuluka, makamaka umene wamatirira pamwamba pa pepala, madzi amangoupatsa moni, nkutenga zowawasa zimene zimasungunuka msanga, kutsekemera kwake kukutsalira mu ufamo. Ndiye kapu yanga inali ndi zolakwika ziwiri zosiyana, ndipo kugaya ufa mosalala kapena mokhakhala kukanangochepetsa chimodzi nkukulitsa chinzake.

Panopa ndimasalaza ufa wouma pogogoda kafanelo ndisanathire dontho lililonse. Ketulo ndimaitsitsa pafupi kuti madzi asakumbe, ndipo ndikamaliza kuthira ndimazunguza kafanelo pang'ono, kamodzi, kuti ufa wa m'mbali ugwe. Ndikazunguza kwambiri, fumbi la ufa limatseka pepala, madzi amaima mpaka mphindi 4. Dzulo ufa unakhala wathyathyathya, nthawi inali mphindi 3 ndi masekondi 10, ndipo kapuyo itazizirako ndinamva kutsekemera kumene ndinali ndisanakumvepo mu khofi yemweyu.