Sitetimenti ya banki siikuuzani chiwongoladzanja chomwe mwalipira

Mabuku a sitolo yathu ya zipangizo zomangira ku Luwinga tawatseka tsopano, koma banki inandizunza nayo ngongole yomwe tinatenga kuti tipikule simenti ndi malata. Ndisanayambe kudandaula, nayi mfundo yake: tsiku lomwe mukusainira ngongole, musatuluke mubankimo opanda ndandanda wa kabwezedwe. Ndi pepala losonyeza mwezi ndi mwezi kuti pa ndalama yomwe mukulipira, chiwongoladzanja ndi zingati ndipo yochepetsa ngongole yeniyeniyo ndi zingati.

Ife tinabwereka K6,000,000 pa 1 Okutobala, yobweza m'miyezi 12, pa chiwongoladzanja cha 36 peresenti pachaka, kutanthauza 3 peresenti pamwezi, chowerengedwa pa ngongole yotsala. Mwezi uliwonse banki imadula K602,773. Pa sitetimenti pamangolembedwa mzere umodzi, Loan Repayment, kenako nambala yomweyo. Basi. Chaka chathu cha mabuku chimatha pa 31 Malichi, ndiye akauntanti wathu atafika anafunsa kuti pa ndalama zomwe zadulidwa m'miyezi isanu ndi umodziyi, chiwongoladzanja ndi zingati. Sitetimenti sinayankhe.

Funsoli si lachabe. Ndalama ya ngongole ikalowa muakaunti si phindu, ndi ya eni ake, ndipo mukamaibweza simukuwononga kanthu pa bizinesi, mukungochepetsa ngongole yomwe muli nayo kubanki. Chomwe bizinesi yawonongadi ndi chiwongoladzanja chokha. Ichocho ndiye chimachotsedwa pa phindu, ndipo ndi chomwe a MRA amalola kuti muchotse powerengera msonkho ngati ngongoleyo inagwira ntchito ya bizinesi. Kubweza ngongole yeniyeniyo salola.

Ndiye ndinapita kubanki kukapempha ndandanda uja. Kunja kukuwaza kamvula ka Mzuzu kosaleka kaja, ine ndili pamzere. Wa pakauntala anati zimenezo ndi za ofesi ya ngongole. Ku ofesi ya ngongole akuti bwana wake apita ku Karonga, mubwere mawa. Mawa lake netiweki palibe. Nditabweranso anandiuza kuti ndilembe kalata yopempha, anadula ndalama muakaunti ya kusindikiza, n'kundipatsa chiyani? Sitetimenti ija yomwe ndinali nayo kale, ya mzere umodzi uja! Ndinawafunsa kuti, "Achimwene, kodi ndalipira kuti mundipatse pepala lomwe lili m'chikwama changa?" Iwo anangoti ndi zomwe makina atulutsa. Sitolo nthawi yonseyi ili ndi mnyamata yekha, makasitomala ofuna kukambirana mtengo akubwerera. Chomwe chimafunika, ndinauzidwa pambuyo pake ndi mayi wina wa muofesi momwemo, n'kupempha sitetimenti ya akaunti ya ngongole, osati ya akaunti yomwe mumasungiramo ndalama. Ndi maakaunti awiri osiyana, iliyonse ndi nambala yake.

Podikira zonsezi tinangokhala pansi ndi akauntanti n'kuwerengera tokha, ndipo si zovuta. Mwezi woyamba ngongole inali K6,000,000, ndiye 3 peresenti yake ndi K180,000. Chimenecho ndicho chiwongoladzanja. Mukachichotsa pa K602,773 patsala K422,773, yomwe yachepetsa ngongole kufika pa K5,577,227. Mwezi wachiwiri 3 peresenti ija simuiwerengeranso pa 6 miliyoni, mumaiwerengera pa K5,577,227, ndipo imakupatsani K167,317. Yopita ku ngongole yakwera kufika K435,456. Zimayenda choncho mpaka kumapeto: ndalama yodulidwa ndi yomweyo, koma mkati mwake chiwongoladzanja chikutsika, gawo la ngongole likukwera. Mwezi womaliza chiwongoladzanja chidzangokhala cha m'ma K17,500. Amene muli ndi kompyuta, Excel imachita yokha:

```
=PMT(3%,12,-6000000)
=IPMT(3%,2,12,-6000000)
```

Mzere woyamba ukupatsani ndalama ya pamwezi, wachiwiri chiwongoladzanja cha mwezi wachiwiri. Mukasintha 2 uja kukhala 3 mwapeza cha mwezi wachitatu.

M'mabuku, kudula kulikonse kumalembedwa malo atatu. Mwezi woyamba uja tinalemba debiti K180,000 ku akaunti ya chiwongoladzanja, debiti K422,773 ku akaunti ya ngongole, kirediti K602,773 ku banki. Mwezi wotsatira manambala awiri oyambawo amasintha, wachitatu ayi. Choncho musamangokopera zomwe munalemba mwezi watha.

Ndayiwala za tsiku loyamba. Muakaunti simunalowe 6 miliyoni yonse, munalowa K5,880,000 chifukwa anadula K120,000 ya kukonza ngongole. Ngongole m'mabuku tinalembabe K6,000,000, poti banki ikuwerengera chiwongoladzanja pa imeneyo. K120,000 ija inapita payokha ngati ndalama yowonongedwa potenga ngongole. Makampani akuluakulu amaigawa pa miyezi yonse ya ngongole, ndiye mufunse akauntanti wanu kuti mabuku anu akutsata njira iti.

Pofika pa 31 Malichi banki inali itadula K3,616,638. Mwa imeneyi chiwongoladzanja ndi K881,969, ndipo K2,734,669 ndi yomwe inachepetsa ngongole, kutsala K3,265,331. Taonani bwino apa: theka la nthawi lapita, koma ngongole yotsala ikupitirira theka, ndipo chiwongoladzanja chomwe talipira kale chapitirira magawo awiri mwa atatu a K1,233,270, chiwongoladzanja cha miyezi yonse 12 ya ngongole. Mnzanga wina wa ku Chibavi amati bwanji osangogawa chiwongoladzanja chonsecho ndi 12, mwezi uliwonse kumalemba mofanana. Mukatero miyezi isanu ndi umodzi ingakupatseni pafupifupi K616,600, ndiye kuti phindu la chaka chino mwalikweza ndi ndalama yoposa K265,000 yomwe kulibe, n'kulipirapo msonkho. Ena amalemba K602,773 yonse ngati ndalama yowonongedwa. Amenewo phindu lawo limaoneka lochepa ndi K2,734,669, ndipo m'mabuku mwawo ngongole imakhala ili chiimire pa 6 miliyoni ngati sanabwezepo tambala. Chizindikiro chakuti zasokonekera n'chimodzi: ngongole yotsala m'buku lanu ikasiyana kwambiri ndi yomwe ili pa sitetimenti ya akaunti ya ngongole, kagawidwe kalakwika penapake. N'chifukwa chake ndikubwerezanso kuti ndandanda uja mutenge tsiku losainira, ali okondwa nanu, asanayambe za bwerani mawa.

Pepala loyeneralo litapezeka, manambala awo ndi athu anasiyana pang'ono mwezi uliwonse. Akauntanti anati ndisade nkhawa, banki imawerengera chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku, ndiye Febuluwale sangafanane ndi Disembala. Pamenepo timatsata nambala ya banki, yathu ija ndi yongoyesera ngati zili m'njira. Kusiyana kukakula, onani ngati sanasinthe peresenti. Ngongole zambiri kuno zimamangidwa pa mlingo wa chiwongoladzanja womwe bungwe la Bankers Association of Malawi limalengeza mwezi ndi mwezi, banki n'kuwonjezerapo gawo lake pamwamba. Mlingowo ukasuntha, ndandanda wakale watha ntchito kuyambira mwezi umenewo, mukapemphe watsopano.

China chomwe ife tinapulumuka nacho n'chakuti amatidula kumapeto kwa mwezi, tsiku lomwelo lotsekera mabuku. Ngati inu amakudulani pa 15, ndiye kuti pa 31 Malichi pali chiwongoladzanja cha masiku 16 chomwe chawunjikana koma simunalipire. Chimenecho ndi cha chaka chomwe chikuthacho. Mumachilemba debiti ku chiwongoladzanja, kirediti ku ndalama zodikira kulipidwa, ndipo akadula pa 15 Epulo gawo limenelo mumalichotsa kumeneko kuti lisawerengedwe kawiri. Ndalama ya kusindikiza sitetimenti yolakwika ija sanandibwezere mpaka lero. Ndinailemba ku zodula za banki.