Mawaya atatu ndi polo kumbuyo kwa akwati: pomwe ndafika

Chithunzi chimene ndikukonza panopa ndi cha mkwati ndi mkwatibwi ataima panja dzuwa litapendeka. Kumbuyo kwawo kwadutsa mawaya atatu a magetsi, ndipo kudzanja lamanja kuli polo. Waya wapansi walowa kuseri kwa velo n'kutulukira paphewa la mkwati. Ntchito yonse ndikuichita mu Photoshop.

Kuchotsa waya si nkhani. Chovuta n'chakuti thambo la pachithunzi silikhala losalala. Mukalikuza kufika pa 100% mumaona timadontho ting'onoting'ono timene kamera imasiya paliponse. Mukakopera thambo ndi Clone Stamp yofewa m'mbali, kapena mutatsitsa Opacity, timadontho ta malo awiri timasakanikirana n'kufafanizana. Waya amachokadi, koma pamalo pake pamatsala mzere wosalala ngati podutsa nkhono. Pafoni suoneka, koma chithunzi chikasindikizidwa chachikulu diso limautsata kuyambira uku mpaka uko.

N'chifukwa chake ndisanafufute chilichonse ndimaika leya ya Curves, yosinthira kuwala ndi kuda kwa chithunzi, pamwamba pa zonse, n'kuikoka mpaka thambo lithimbirire ndipo timadontho tionekere bwino. Leya imeneyi ndi yoonera basi, pomaliza ndimaizimitsa. Pansi pake ndimatsegula leya yopanda kanthu yogwirirapo ntchito, ndipo pa Sample ndimasankha Current & Below kuti burashi isatenge mitundu yokokomezayo.

Mawaya awiri apamwamba sanandivutitse. Aliyense ndi wonenepa mapikiselo 4, koma m'mbali mwake muli kamzere kowala, choncho burashi ndinaiika pa 10 kuti imeze zonse. Ikakula kuposa pamenepo mumangoononga thambo labwinobwino. Ndinagwiritsa ntchito Healing Brush yolimba m'mbali, potengera pake pali pamwamba pang'ono pa waya, Aligned ili yoyatsa kuti potengerapo paziyenda limodzi ndi burashi. Mumadina pamalo amodzi, kugwira Shift, n'kudinanso patsogolo, ndipo burashi imayenda mzere woongoka. Koma waya amakhala wolendewera pakati, ndiye ndimayenda tizigawo tifupitifupi kutsata kupindika kwake.

Pavelo ndi pomwe ndakhalitsa. Healing Brush imatenga timadontho kumene mwaiuza, koma mtundu ndi kuwala imatengera zimene zazungulira malo amene mukukonzawo. Ikangoyandikira jekete lakuda la mkwati, imakoka kudako n'kukupaka pathambo. Kumbali ya velo imakoka kuyera. Njira yake ndi kuyamba mwadula waya. Ndinazungulira thambo lokha ndi Pen Tool motsata mphepete mwa phewa, n'kusandutsa mzerewo kukhala malo osankhidwa, Feather, yofewetsa m'mbali mwa malowo, ili pa 0.5. Kenako ndi Clone Stamp, Opacity 100%, Hardness cha m'ma 70%, ndinafufuta waya mapikiselo ngati 30 kuchokera paphewa. Waya atalekana ndi jekete, Healing Brush inamaliza kotsalako popanda kudetsa.

M'kati mwa velo waya amaonekabe mwachizimezime chifukwa nsaluyo ndi yoonekera. Apa sindinatenge thambo ayi. Ndinatengera pavelo pomwepo, motsata mkwinya womwewo, ndi burashi yaing'ono kwambiri, kuti ulusi wa nsalu usaduke. Ndi ntchito yochedwa, koma ndi velo ya tsiku limodzi pa moyo wa munthu, sindingaithamangire.

Polo ndi wamkulu, burashi singamuthe bwino. Thambo limawala kwambiri kumunsi n'kumadera pang'onopang'ono mukamakwera, choncho chigamba chiyenera kuchokera pambali, pamsinkhu womwewo, osati pamwamba kapena pansi. Ndinasankha chigawo cha thambo kumanzere kwa polo, kuchikopera paleya yake ndi Ctrl+J, n'kuchikoka nditagwira Shift kuti chiyende chopingasa osakwera kapena kutsika. Chinatuluka chodera pang'ono, poti dzuwa linali kumanja, ndiye ndinachiwalitsa ndi Curves yogwira chigambacho chokha. Kamtambo kena kanaoneka kawiri, ndipo kachiwiriko ndinakasintha ndi zidutswa za mtambo wina. Maso a munthu sachedwa kugwira zinthu ziwiri zofanana ndendende.

M'mphepete mwa chigamba, momwe ndinafewetsa kuti chilumikizane ndi thambo, timadontho tinachepa. Ndinatibwezera ndi leya yodzaza 50% Gray pa Soft Light, Add Noise pa 2%, Gaussian ndi Monochromatic, kenako Gaussian Blur ya 0.4 kuti tisakhale takuthwa kuposa ta kamera. Leyayi ndinaibisa yonse n'kuionetsa pamsoko pokha. Manambalawa ndi a chithunzi ichi, pachithunzi china mumayerekeza ndi thambo la pafupi.

Chatsala ndi tsinde la polo limene lalowa m'mitengo, komanso mthunzi wake umene wagona paudzu kumbuyo kwa diresi. Ndiyambira pamthunziwo, chifukwa udzu wapamenepo uli ndi kuwala kosiyanasiyana ndipo ufunika kutengera malo angapo.