Mabotolo khumi a amfoterisini ndi funso la wophunzira

Lolemba m'mawa kuno ku Mchinji tinalandira bambo wina wochokera cha ku Mkanda, mutu ukumuwawa sabata ziwiri, khosi louma, akusanza. Anali atasiya ma ARV chaka chatha. Titamuboola kumsana ndi singano, madzi anatuluka mothamanga, ndipo kulabu anatsimikiza kuti ndi kiriputokokasi, fangasi yomwe imatupitsa timakungu tokuta ubongo.

Pa sikelo anali makilogalamu 50. Malangizo a WHO a 2022 amati amfoterisini B ya liposomo, yokutidwa ndi timafuta, iperekedwe kamodzi, mamiligalamu 10 pa kilogalamu iliyonse. Ndiye kuti mamiligalamu 500, mabotolo khumi a 50. Pambali pake fulukonazo wa mamiligalamu 1200 patsiku ndi fulusaitosini, masiku 14.

Ndili mkati mosungunula, mtsikana amene akuphunzira ntchito kwa ife anandibweretsera diripi ya madzi a mchere kuti tisakanizemo. Ndinamugwira dzanja. Amfoterisini ikakumana ndi mchere imaundana. Imalowa m'madzi a shuga a 5% basi. Lita ya madzi a mchere yokhala ndi potaziyamu imapita yoyamba, payokha, kuti impso zitetezeke.

Madzulo ake wophunzira uja anafunsa: "Adokotala, bwanji tikupereka mankhwala ovuta chonchi pomwe buku likuti kasipofanjini savutitsa thupi?"

Ndinamujambulira selo ya fangasi kuseri kwa fomu yakale: khoma kunja, kachikopa kopyapyala mkati. Kachikopako kamalimba ndi mafuta otchedwa egositero. Mapoliyini, omwe ndi amfoterisini ndi nisitatini, amakakamira pa egositeroyo n'kuboola kachikopa, zamkati n'kutayika, fangasi n'kufa msanga. Koma egositero amafanana ndi kolesitero wa m'maselo athu, n'chifukwa chake impso zimalawako, ndipo potaziyamu ndi magineziyamu amathawira mu mkodzo. Maazolo, monga fulukonazo, saboola kanthu. Amatseka njira yopangira egositero watsopano, choncho fangasi imaleka kuswana koma siifa lero ndi lero. Ndinagwirapo ntchito m'masiku amene tinali ndi fulukonazo yekha, ndipo ambiri sankabwerera kwawo.

Maekinokandini, gulu la kasipofanjini uja, amaletsa kupangidwa kwa gulukani womangira khoma lakunja. Maselo a munthu alibe khoma, choncho n'zoona kuti mankhwalawa savulaza kwambiri, ndipo pa fangasi ya kandida ya m'magazi ndi abwino. Kungoti pa kiriputokokasi sagwira, ndipo m'madzi a kumsana safikamo mokwanira. Ngakhale tikanakhala nawo pa shelefu, bamboyu sakanamuthandiza.

Lachitatu mayi ake anati miyendo yamulefuka, akulephera kudzuka pabedi. Wophunzira uja ndiye anayamba kunena kuti tiyeze potaziyamu. Anali wotsika, 3.0, tinawonjezera mapiritsi a potaziyamu. Lachinayi mutu unabwereranso, tinachotsanso madzi kumsana, pakuti kuchuluka kwa madziwo palibe mwa mankhwalawa amene amakutsitsa msanga.

Lachisanu anamwa phala yekha. Mayi ake anapempha kuti ayambenso ma ARV tsiku lomwelo, ndipo ndinawafotokozera kuti tidikira sabata 4 mpaka 6, kuopa kuti chitetezo chikadzuka msanga ubongo ungatupe. Masiku 14 akatha adzapitiriza fulukonazo wa 800 kwa sabata 8, kenako wa 200.