Sitalaka ya masitima ku England: tikiti yako siinafe, koma usakataye tsiku pa siteshoni

Ndafika kumudzi bwinobwino, koma mtima sunatsikebe ndi zomwe ndinaona mu Disembala 2023 muno. Ndinali ndi ulendo wochoka ku Leeds kupita ku London Loweruka pa 2, kuti ndikakwere ndege pa Heathrow madzulo ake. Tikiti ya sitima ndinagula kalekale pa foni, ija yotchipa yolembedwa Advance. Kenaka bungwe la madalaivala a sitima la ASLEF linalengeza kuti anyanyala ntchito, ndipo njanji yathu inagwera tsiku lomwelo.

Ulendo uno sanaime onse pamodzi. Kuyambira pa 2 mpaka pa 8 makampani ankanyanyalidwa mosinthana, lero awa, mawa awo. Ndiye usangomva kuti kuli sitalaka n'kutaya mtima. Yang'ana dzina la kampani pa tikiti yako, uone tsiku lake. Ngati umasintha sitima panjira, yang'ana makampani onse awiri.

Chomwe chinandipsetsa mtima ndi ichi. Ndinapita pa siteshoni kukafunsa ngati andibwezere ndalama kapena andisinthire tsiku. Mzere wake unali wosaona kumapeto, kuzizira kukulowa m'mafupa, ine nditasiya shifiti yanga. Nditafika pa windo, mayi uja anangoyang'ana foni yanga n'kunena kuti ndalama amabweza ndi amene anakugulitsa tikiti. Basi. Ine ndinagula pa apu ina yogulitsa matikiti a makampani onse, ndiye iwo analibe chochita. Tsiku lonse la malipiro linapita chifukwa cha mawu amene akanangowalemba pakhomo. Pa apupo ndiye palibe munthu woyankhula naye, umangodinadina mabatani akukubwezera pomwe wachokera. Ndalama ya tikiti inabwera patapita masiku, koma ija amadula pogula sanandibwezere. Ndi yochepa, inde, koma sitima sinayende, ndiye ndinalipirira chiyani?

Nkhani ya tikiti ili chonchi. Sitima yako ikachotsedwa kapena kusinthidwa nthawi, ndipo wasankha kusayenda, umabwezeredwa ndalama popanda chindapusa, ngakhale Advance imene masiku onse sabweza. Ukafuna kuyendabe, ankalola kuti tikiti ya tsiku la sitalaka uigwiritse ntchito tsiku lina lililonse kuyambira pa 1 mpaka pa 12, malinga unagula sitalaka isanalengezedwe. Masiku amenewa amasintha sitalaka iliyonse, uwaone pa tsamba la National Rail. Koma mpando unasungitsa uja waiwale, ndipo Advance imakhalabe ya kampani yomweyo. Sungangodumphira sitima ya kampani ina pokhapokha atalengeza kuti akulandirana matikiti.

Ndinaganiza zonyamuka Lachisanu. Apa mpamene mnzanga wa kuntchito anandichenjeza kuti madalaivala akananso ovataimu sabata yonseyo. Makampani ambiri amadalira ovataimu kuti masitima onse ayende, ndiye sitima imatha kuoneka pa bolodi m'mawa, masana n'kuichotsa. Komanso aliyense wothawa Loweruka anathamangira Lachisanu lomwelo. Ine ndi masutikesi awiri odzaza katundu wa abale, kuima m'kanjira mpaka siteshoni ya King's Cross ku London? Ayi. Tsiku lotsatira sitalaka nalonso silodalirika m'mamawa, masitima amakhala atagona malo olakwika.

Njira zina zilipo. Makampani a sitima a Grand Central, Hull Trains ndi Lumo sanali nawo pa mkanganowu, ankayenda. Kwa ife a ku Leeds, Grand Central yochokera ku Bradford imaima pa Wakefield Kirkgate ndi pa Doncaster. Kungoti uyenera kugula tikiti yatsopano, masitima ake ndi ochepa patsiku, ndipo mipando imatha msanga. Usayembekezenso mabasi aja amabweretsa akamakonza njanji, pa sitalaka kawirikawiri sakhalapo.

Ine ndinakwera basi ya National Express usiku wa Lachisanu. Sitima imatenga maola awiri ndi mphindi zochepa, basi pafupifupi asanu, koma masutikesi amalowa pansi, iwe uli pampando wako. Gula tikiti ya basi tsiku lomwe wamva za sitalaka, chifukwa mtengo umakwera mipando ikamatha. Mu 2023 mabungwe a ogwira ntchito lamulo linkawakakamiza kulengeza sitalaka kudakali masabata awiri, ndiye nthawi inalipo. Uonenso ngati pali basi yopita pa bwalo la ndege penipeni, kuti usavutike ndi katundu pa siteshoni ya mabasi ya Victoria ku London.

Ndibwerezenso za ndalama zija. Tsegula imelo imene inabwera pogula tikiti, uone amene anakugulitsa, ndipo ukadandaule kumeneko. Jambulanso pa foni pomwe alemba kuti sitima yako yachotsedwa, uthengawo usanachoke. Ulendo wobwerera mu Januwale ndagula pa kampani ya sitima yeniyeniyo.