Onse anati amva, koma matiketi ananena zina

Sabata ino ku Sitandade 4 yanditopetsa kuposa masabata a mayeso. Lolemba tinayamba mochedwa chifukwa cha phala, Lachiwiri mvula inagunda malata mpaka ine ndemwe sindimadzimva, ndipo mnzanga wa kalasi inayo anali ku maliro, choncho ana ake ankangosuzumira pawindo langa. Zimenezo n'za masiku onse, aliyense wogwira choko akuzidziwa. Chimene chandilembetsa ndi Lachitatu.

Tsiku limenelo kunabwera mlangizi wa ku zoni kudzaonerera phunziro. Anandipeza pa masamu, kuchotsera mobwereka, ndipo tinali titafika pamene nambala ya pamwamba ili ndi 0 pakati. Phunziro linayenda bwino, sindikudzichepetsa. Ndinachita zitsanzo pa bolodi, ana atatu anabwera kutsogolo n'kukhoza, anzawo anawaombera m'manja. Nditafunsa kuti "Mwamva?" kalasi yonse inayankha "Eee!" mokweza mpaka mlangizi anamwetulira n'kulemba m'fomu yake. Koma atatu amene anabwera kutsogolowo ndi omwe aja amakweza manja tsiku lililonse, ndipo "Eee" wa ana 103 amene anabwera tsikulo sandiuza kanthu za mwana wokhala pakona kumbuyo, amene amayankha chifukwa anzake ayankha.

Chifukwa chake mphindi 5 zomaliza ndimazisungira tiketi yotulukira. Mwana aliyense ndimampatsa kapepala kakang'ono, ngati chikhatho chake. Amalemba dzina, amachita samu imodzi yokha, ndipo potuluka amandipatsa pakhomo. Samuyo ndimaisankha usiku ndikamalemba pulani, osati kungoitola m'mutu belu litatsala pang'ono kulira, chifukwa ntchito yonse yagona pa funsolo. Funso labwino ndi limene yankho lolakwa limakuuza kuti mwana wasochera pati. Ndikanapereka 486 − 132, pafupifupi onse akanakhoza, poti mulibe kubwereka, ndipo ndikanapita kunyumba ndikudziyamikira pachabe. Ndinapereka 402 − 178. Popeza ana amakhala pansi mothithikana, phewa ndi phewa, mizere ndinaigawa: wina 402 − 178, wotsatira wake 503 − 269. Masamu awiriwa ali ndi msampha umodzimodzi, koma wokopera kwa mnzake wa pambali amaonekeratu, chifukwa amalemba yankho la samu imene sanapatsidwe.

Pa nthawi yopuma ndinakhala pansi pa mtengo n'kuyamba kuunjika. Sindichonga kapepala kalikonse ndi cholembera chofiira, nthawiyo palibe. Ndimangoyang'ana yankho n'kuponya pa mulu wake, ndipo timapepala 103 timatha tiyi asanazizire. Ndifotokoza potengera samu yoyamba ija, ngakhale m'milumo munali onse.

Okhoza, olemba 224, anali 34 basi. Mulu wotsatira unali wa ana 29 amene analemba 376. Awa sanabwereke n'komwe. Pa mzere uliwonse angochotsa nambala yaing'ono ku yaikulu, kaya ili pamwamba kaya pansi: 8 kuchotsa 2 ndi 6, 7 kuchotsa 0 ndi 7, 4 kuchotsa 1 ndi 3. Mwana wotere si waulesi. Ali ndi lamulo lake limene analigwira kalekale, loti yaing'ono imachoka ku yaikulu, ndipo lakhala likumuthandiza mpaka lero. Ana ena 22 analemba 324, ndipo awa ndi amene anandikhudza kwambiri, chifukwa atsala pang'ono zedi. Akudziwa kuti 2 ayenera kukhala 12. Akudziwanso, mwina poona pa bolodi, kuti 0 uja amasanduka 9. Koma 4 wa mahandiredi amusiya momwemo, osamutsitsa kukhala 3. Atengera kayendedwe ka dzanja langa, koma sakudziwa kumene 9 wachokera. Kenaka panali 9 olemba 274 kapena 204: awa adumpha 0, akabwereka kwa 4 n'kupititsa molunjika ku mawani, ndiye pofika pakati asokonezeka ndi 0 kuchotsa 7. Otsala 9 anapereka kapepala ka dzina lokha kapena anangokopera funso.

Kunena zoona, manja anazizira. Phunziro limene langoyamikiridwa kumene, ana awiri mwa atatu aliwonse atuluka osalimvetsa. Koma ndinaonanso kuti ndili ndi chinthu chogwirika. Ndikanangowerenga kuti 34 akhoza, 69 alephera, ndikanabwereza phunziro lomwelo mokweza mawu. Milu ija imati pali matenda atatu osiyana, ndipo wa 376 ndi wa 324 sangachire ndi mankhwala amodzi.

Mkwiyo unabwera masana. Mlangizi atapita, ahedi anandiitana ku ofesi ali osangalala. "Madamu, mwatikweza lero. Mawa mulowe mutu wotsatira, sikimu yanu ili m'mbuyo ndi sabata." Ndinawaonetsa milu ija n'kuti, "Ahedi, taonani, anawa sanamve. Ndikufuna mawa ndibwerenso pomwepa." Anatenga kapepala kamodzi, kutembenuza, kuona kuti kumbuyo kwake kuli funso la mayeso a teremu yatha, n'kufunsa kuti mapepalawa ndawatenga kuti. Nkhani ya ana 69 inathera pomwepo, tinayamba kukambirana za mapepala.

Ndiyankhe pano, popeza ku ofesi sindinafune kukweza mawu. Mapepalawo ndi zotsala za mayeso akale zimene zikanathera koyatsira moto wa phala. Pepala limodzi ndimalidula zidutswa 8, ndiye mapepala 13 amakwanira kalasi yonse. Ndimadula kunyumba ndi lumo langa. Mapepala atsopano ali m'kabati yokiyidwa, akudikira mayeso otsiriza teremu, ndiye kuti sukulu ili ndi pepala lodziwira mu sabata yomaliza kuti mwana analephera, koma ilibe pepala lodziwira Lachitatu kuti akulephera, nthawi yomuthandiza ikadalipo. Masileti amene tinali nawo anasweka kalekale, osabwezeretsedwa. Kuuza ana kuti ang'ambe m'makope awo sindingachite, makolo ambiri kope limodzi amaligula movutikira ndipo mwana amalembamo maphunziro onse. Ku maphunziro oonjezera luso la aphunzitsi, a CPD, amene amachitikira ku likulu la zoni, ku TDC, amatiphunzitsa bwino ndithu za kuyesa ana mosalekeza, timalemba manotsi, timaomba m'manja. Tikabwerera kusukulu chimene amayang'ana ndi siginecha pa sikimu.

Achiwiri kwa ahedi anaonjeza kuti ngati ndayesa ana, ndilowetse malikisiwo m'buku la zotsatira. Apa ndinakana mwaulemu koma molimba. Tsiku limene ana adzadziwe kuti katiketi kaja kamawerengedwa, adzayamba kubera mwaluso, amantha adzasiya kulemba, ndipo 376 uja sindidzamuonanso. Ine ndimawauza kuti, "Lembani zimene mukuganiza, kolakwa ndi kamene ndikukafuna." Zinatenga nthawi kuti akhulupirire zimenezo, ndipo sindikufuna kuziononga chifukwa cha mzere umodzi wa m'buku.

Lachinayi sindinalowe mutu watsopano. M'rekodi ndinalemba chifukwa chake, amene akufuna kufunsa adzafunse. Ndinabwera ndi ndalama zojambula pa makatoni a sopo: ma K100, ma K10 ndi ma K1. Ndinaika mwana mmodzi kukhala wa golosale, ali ndi ma K100 anayi ndi ma K1 awiri, ndipo akufunika kupereka K178. Ana amene amatumidwa kumsika tsiku ndi tsiku anafuula okha kuti, "Akasinthe!" Anasintha K100 imodzi kukhala ma K10 khumi, n'kutsala ndi ma K100 atatu. Anasinthanso K10 imodzi kukhala ma K1 khumi, ma K10 n'kutsala 9. Pamenepo mtsikana wina wa mulu wa 324 anati, "Ooo, ndiye 4 uja watha kukhala 4!" Sindinaonjezepo mawu.

A mulu wa 376 ndinawakhazika kutsogolo pafupi nane, ndipo ndinayamba ndi funso lopanda cholembera: uli ndi K402, wagula za K178, pafupifupi K200, kodi ungatsale ndi K376? Anaseka okha. Kenaka ndinawaonetsa kuyesa yankho pophatikiza: 376 ndi 178 zikupereka 554, osati 402. Okhoza 34 aja ndinawamwaza m'magulu a enawo, aliyense ndi makatoni ake, ndi lamulo loti asanene yankho koma azingofunsa kuti, "Wasintha iti?" Ana 9 a timapepala topanda kanthu nkhani yawo ndi ina. Nditakhala nawo ndinapeza kuti ena sadziwa kuti mu 402 muli mahandiredi angati, ndipo awiri sanabwere masiku ambiri chifukwa ali kumunda. Tiketi inangondilozera mayina awo, vuto lenileni ndinalipeza pocheza nawo, ndipo silitha ndi phunziro limodzi.

Pakati pa phunzirolo ndinagwiritsanso ntchito njira ya zala, imene siifuna pepala. Ndimalemba mayankho atatu pa bolodi, lokhoza limodzi ndi awiri ochokera ku zolakwa zawo zomwe, ndipo ndikawerenga mpaka 3 aliyense amaonetsa chala chimodzi, ziwiri kapena zitatu pachifuwa, osati m'mwamba. Zikakhala m'mwamba amadikira kaye kuona kuti wanzeru wa m'kalasi waimika zingati. Zoti "amene wamva akweze chala chachikulu" ndinazisiya, chifukwa zimayesa ulemu wa mwana, osati masamu. Mwana wolemba 376 amakhala wotsimikiza ndi mtima wonse kuti wamva.

Tiketi ya Lachinayi, 601 − 345 ndi inzake, inabweretsa okhoza 71. Sindinavine. Samu yochitidwa makatoni akadali m'manja ndiponso chitsanzo chili pa bolodi imaonetsa zimene mwana wagwira pa ola limenelo, sikuti wasunga. Lachisanu m'mawa, bolodi lili lofufuta, ndisanaphunzitse chilichonse, ndinapereka 700 − 256, ya maziro awiri. Okhoza anatsika kufika 58, ndipo ena a lamulo la "yaing'ono ku yaikulu" anabwereranso kwawo n'kulemba 556. Mayina awo ndawalemba kuseri kwa pulani yanga. Lolemba ndilowa mutu watsopano monga ahedi akufunira, koma mphindi zoyamba za masamu tsiku lililonse zikhala za samu imodzi yobwereka, mpaka mulu umenewo uchepe.

Zina za sabata: ndinali pa dyute, mpope unavutanso, msonkhano wa makolo unasunthidwa, ndipo makope a Chichewa ndi Chingerezi ndabwera nawo kunyumba m'jumbo, ndichonga Loweruka ndikachapa. Zotsala za mayeso akale zimene ndinasunga zikwanira mwina masabata awiri. Ndalemba kakalata kopempha mapepala 13 pa tsiku, masiku atatu pa sabata, ndipo ndakapereka kwa achiwiri kuti kakakambidwe ku msonkhano wa aphunzitsi Lachiwiri.