Mmene ndinakonzera madeti osokonekera mu Excel

Nditatsegula fayilo ya CSV ya mizere 600 imene anthu angapo analembamo madeti, aliyense mwa njira yake, ndinayesa kuwasanja kuyambira lakale, koma 15/04/2024 inatsikira pansi penipeni, kumunsi kwa madeti a mu Disembala. Excel imasunga deti lenileni ngati nambala, moti 15 Epulo 2024 ndi 45397, ndipo deti limene yalephera kulizindikira imalisiya ngati mawu chabe n'kuliika pambuyo pa manambala onse. Nditalemba `=ISNUMBER(A2)` pambali, mizere yotereyi inaonetsa FALSE.

Poyamba ndinaganiza kuti vuto lili pa mizere ya FALSE yokha, koma ndinalakwitsa. Kompyuta yanga inali yotcheredwa kuti iziyamba ndi mwezi, choncho 15/04/2024 inakanidwa chifukwa kulibe mwezi wa 15, pamene 03/04/2024, imene wolemba ankatanthauza 3 Epulo, inalandiridwa mwakachetechete ngati 4 Malichi. Madeti amenewa ndi amene ali oopsa, chifukwa amaoneka abwinobwino ndiponso amasanjika popanda chizindikiro chilichonse cha vuto. Ndinawatulukira nditaona kuti pa madeti olembedwa ndi timizere topendekeka amene anaonetsa TRUE, pafupifupi onse anali ndi tsiku losaposa 12.

Ndinayesa kusinthanitsa tsiku ndi mwezi pa mizere yonse ya TRUE, koma zimenezi zinawononga madeti olembedwa ngati 2024-04-20, amene Excel inali itawawerenga molondola. `DATE` sikana mwezi wa 20, imangopitiriza kuwerenga mpaka chaka chotsatira, ndipo inandipatsa 4 Ogasiti 2025.

Pamenepo ndinatseka fayiloyo osasunga zimene ndinasintha, n'kuilowetsanso kudzera pa Data, From Text/CSV, ndipo ndinasankha Do not detect data types kuti deti lililonse libwere monga mmene linalembedwera. Mu kolamu B ndinachotsa mipata yobisika ndi `=TRIM(A2)`, kenako mu kolamu C ndinalemba fomula iyi:

```
=IF(MID(B2,5,1)="-",
 DATE(LEFT(B2,4),MID(B2,6,2),RIGHT(B2,2)),
 DATE(RIGHT(B2,4),MID(B2,4,2),LEFT(B2,2)))
```

Fomulayi imaona chilembo chachisanu. Chikakhala kamzere kogona, imadziwa kuti chaka chili koyambirira, apo ayi imatenga tsiku kumanzere, mwezi pakati ndi chaka kumanja, mosatengera mmene kompyuta yatcheredwera. Ichi n'chifukwa chake sindinakhulupirire `DATEVALUE`, imene imatsatira matcheredwe omwe aja anandisokeretsa.

Mizere 9 inaonetsa #VALUE! chifukwa inalembedwa mwachidule ngati 7/4/2024, ndipo poti inali yochepa ndinaikonza pamanja, mwachitsanzo `=DATE(2024,4,7)`. Mizere iwiri inapereka madeti a 2025, ndipo nditafunsa amene anailemba anavomera kuti iyeyo amayamba ndi mwezi, motero mizere yake yonse, ngakhale imene inkaoneka yolondola, ndinaiwerenganso payokha. Pomaliza ndinakopera kolamu C, ndinaimata ndi Paste Special, Values, ndinaipatsa maonekedwe a `yyyy-mm-dd`, kenako ndinasanja.